Kugulitsa puti yokhala ndi chitetezo: kusankha mitengo ndi kutuluka nthawi isanathe

Pa misika ya ku America, monga wa Cboe wa mumzinda wa Chicago womwe udatsegulidwa mu 1973, anthu sagulitsana masheya okha. Amagulitsananso mapangano okhudza masheyawo, otchedwa maopushoni. Pangano limodzi mwa amenewa ndi puti, lomwe msikawu udayamba kugulitsa mu 1977. Wogula puti amakhala ndi ufulu wogulitsa masheya 100 pa mtengo womwe adagwirizana, tsiku lothera panganolo lisanadutse. Wogulitsa puti amalandira ndalama pompo, koma akakakamizidwa kugula masheyawo sangakane, ngakhale mtengo wake utagwa chotani. Ali ngati kampani ya inshulansi: amadya malipiro pamene zinthu zili bwino, nalipira tsoka likagwa.

Njira yomwe pa kompyuta ya buloka imalembedwa kuti Bull Put Spread imaika malire pa tsokalo. Wamalonda amagulitsa puti imodzi, nthawi yomweyo n'kugula ina ya mtengo wa pangano wotsikirapo, ya masheya omwewo komanso yothera tsiku limodzimodzi. Yogulitsayo imakhala yodula kuposa yogulayo, choncho ndalama yotsala pakati pake imalowa m'thumba mwake tsiku lomwelo. Chomwe iye akuyembekeza n'chakuti masheya akwere, aime pomwe ali, kapena atsike pang'ono chabe.

Chitsanzo chongoyerekeza chingathandize. Sheya ya kampani ina ili pa $100, ndipo kwatsala masiku 45 kuti mapangano athe. Wamalonda akugulitsa puti ya pa $95 pa mtengo wa $2.10, n'kugula ya pa $90 pa $0.90. Watsala ndi $1.20 pa sheya iliyonse, kutanthauza $120 pa masheya 100. Phindu lake silingapitirire pamenepa. Sheyayo ikathera pansi pa $90, amaluza $5 ya kusiyana kwa mitengo iwiri ija kuchotsapo $1.20 yomwe adalandira, ndiye kuti $380, ndipo buloka amagwira ndalama imeneyi ngati chikole mpaka malondawo atatsekedwa. Pa $93.80 ndi pamene sapindula ndiponso saluza.

Nkhani yagona pa kusankha $95 ija. Pa mndandanda wa maopushoni pali danga lolembedwa Delta. Nambala yake imasonyeza mmene mtengo wa puti umasinthira sheya ikasuntha ndi $1, koma amalonda amaiwerenganso ngati muyeso wa mwayi woti sheyayo ithere pansi pa mtengo wa pangano. Puti ya pa $95 ikakhala ndi delita ya -0.30, msika ukuona kuti mwa maulendo 100, pafupifupi 30 sheyayo idzathera pansi pa $95, ndipo maulendo 70 wogulitsa adzasunga $120 yake yonse. Ndi muyeso wongoyandikira, wochokera pa mmene msika ukuganizira lero za kugwedezeka kwa mitengo, ndipo mawa umasintha.

Apa ndi pamene ambiri amanyengeka. Kupambana maulendo 70 mwa 100 kumamveka kokoma, koma masamu ake ndi ouma. Maulendo 70 a $120 amabweretsa $8,400. Puti ya pa $90 ikakhala ndi delita ya -0.15, maulendo 15 amathera pansi penipeni, ndipo 15 kuchulukitsa ndi $380 ndi $5,700. Maulendo 15 otsalawo amathera pakati pa $90 ndi $95, pomwe poika pamodzi zabwino ndi zoipa munthu amaluza pafupifupi $130 ulendo uliwonse, yonse pamodzi $1,950. Chotsala ndi $750 pa malonda 100, kapena kuti $7.50 pa malonda amodzi, ndipo pamenepo buloka asanadule zake. Kugwa kumodzi kotheratu kumameza phindu la maulendo atatu ndi kakusenu pamwamba.

Kuthawira kutali sikuchotsa vutoli. Wogulitsa puti ya pa $90 n'kugula ya pa $85 akhoza kukhala ndi mwayi wa 85 pa 100, koma amalandira mwina $55 yokha ataika pangozi $445, moti kugwa kamodzi kumafafaniza maulendo asanu ndi atatu. Msika umalipira molingana ndi ngozi. N'chifukwa chake amalonda ambiri amakhazikika pa delita ya pakati pa -0.15 ndi -0.30, ndipo amayang'ana kaye ngati ndalama yolandirayo ikukwanira poyerekeza ndi chikole. Amaonanso kalendala: kampani ikalengeza phindu lake mkati mwa masiku 45 aja, mtengo ukhoza kulumpha mitengo yonse iwiri usiku umodzi.

Delita ili ndi chinanso chomwe sinena. Imakamba za tsiku lomaliza lokha. Mwayi woti sheya ikhudze $95 nthawi ina iliyonse panjira ndi pafupifupi kuwirikiza kawiri, kutanthauza 60 pa 100. Malonda ambiri omwe amadzatha bwino amayamba aopsa kaye, ndipo munthu wopanda dongosolo amatseka ndi mantha tsiku loipitsitsa.

Dongosololo limakonzedwa malonda asanayambe. Kutseka ndi kugulanso puti yomwe idagulitsidwa ndi kugulitsa yomwe idagulidwa, zonse pa oda imodzi. Chizolowezi chofala n'kutseka phindu likafika theka. Sipuredi ija ikatsika mtengo kuchoka pa $1.20 kufika pa $0.60, wamalonda amatenga $60 n'kuchoka. Chifukwa chake n'chomveka: kukhalabe ndi kudikira $60 inanso pamene ngozi yakula kufika $440, kuwerengera pamodzi ndi phindu lomwe lili kale m'manja. Kumbali yoipa, ena amatuluka sipuredi ikadula kawiri, pa $2.40, n'kuvomereza kuluza $120. Malire othina chotere amateteza ku kugwa kotheratu, koma amatulutsanso munthu m'malonda ena omwe akadachira, choncho mwayi wa 70 uja umatsika.

Ena amakankhira malondawo ku mwezi wotsatira, kutseka akale n'kutsegula atsopano. Zimenezi sizifafaniza zomwe zaluzika. Ndi malonda ena atsopano, ofunika kuyesedwa pa okha, ndipo ngati kukankhako kukufuna kuti munthu alipire ndalama ina, ngozi yake yangokula.

Masabata omaliza ndiye ovuta. Tsiku lothera likamayandikira, delita ya puti yomwe ili pafupi ndi mtengo wa sheya imasintha mwaliwiro, moti kusuntha kwa $2 komwe sikukadadetsa nkhawa kutatsala masiku 40 kumasandutsa phindu kukhala luzi kutatsala masiku atatu. Ambiri amatseka kutatsala masabata atatu kapena awiri, kaya apindula kaya ayi.

Wodikira mpaka Lachisanu lomaliza amakumana ndi ngozi yomwe imaboola malire a $380 aja. Sheya ikatseka pa $93, puti ya pa $95 imagwira ntchito, chifukwa bungwe la OCC, lomwe limayendetsa kukwaniritsa mapanganowa, limachita zimenezi lokha pa puti iliyonse yomwe yalowa ndi senti imodzi kapena kuposa, pokhapokha mwini wake atakana. Wamalonda amadzuka ali ndi masheya 100 omwe wagula pa $9,500, pamene puti ya pa $90 yomuteteza yafa yopanda phindu. Lolemba msika ukatsegulira pa $85, waluza $1,000 kuchotsapo $120, ndiye kuti $880. Pa masheya a makampani komanso pa SPY, kukakamizidwa kugula kumeneku kungabwere ngakhale tsiku lothera lisanafike, makamaka puti ikalowa kwambiri. Maopushoni a SPX ndi osiyana: amagwira ntchito pa tsiku lothera lokha, ndipo amalipirana ndalama, osati masheya.