Chitsulo chimene amachiika kuti chidyeke m'malo mwa chinzake

Tengani msomali mukande lata latsopano mpaka chitsulo cha mkati chionekere. Mukandenso chitini cha nsomba chimodzimodzi, n'kuzisiya zonse panja m'dzinja. Pakapita masabata ochepa, pamene munakanda chitini pamakhala patafiira ndi dzimbiri, koma lata lili chilili. Zonse ziwiri ndi chitsulo chokutidwa. Chosiyana ndi chimene anakutira: lata analikuta ndi zinki, chitini anachikuta ndi tini.

Zitsulo ziwiri zosiyana zikakhudzana, madzi n'kunyowetsa zonse ziwiri, zimasanduka batire. Chimodzi chimataya maelekitironi n'kumasungunukira m'madzi pang'onopang'ono, ndipo chimenechi amachitcha anodi. Chinzake, kathodi, chimalandira maelekitironiwo ndipo sichidyeka. Madzi akakhala amchere, magetsi amayenda mosavuta ndipo kudyekako kumafulumira.

Chimene chidyeke chimadziwikiratu. Asayansi anayeza chitsulo chilichonse kuti aone mmene chimafulumirira kutaya maelekitironi, ndipo muyesowo uli m'mavoliti. Zinki ili pa -0.76, chitsulo wamba pa -0.44, tini pa -0.14, kopa pa +0.34. Pa ziwiri zilizonse, chimene nambala yake ili m'munsi ndicho chimadyeka. N'chifukwa chake zinki imateteza lata ngakhale pamene pakandika kapena padulidwa, malinga ngati bala lake ndi la mamilimita ochepa. Tini ndiye amateteza pokhapokha ali wathunthu. Akangobooka, chitsulo cha pansi n'chimene chimalipa. Manambalawa ndi a m'labotale, ndipo m'madzi a m'nyanja kapena m'dothi amasintha ndithu, motero akatswiri amadalira mndandanda woyezedwa m'madzi enieniwo.

Pali mfundo ina imene amisiri ambiri amaidumpha, ndipo ndi imene imawononga ndalama kwambiri: kukula kwa malo. Msomali wachitsulo wokhomedwa pa chipepala chachikulu cha kopa umatha msanga, chifukwa magetsi onse amene kopayo akukoka akuchokera pa kamsomali kamodzi. Msomali wa kopa pa chitsulo chachikulu suvuta kwenikweni, popeza kudyekako kumamwazikana. Tsono taganizirani mmisiri amene walumikiza paipi yachitsulo ku mpopi wa mkuwa. Poona kuti chitsulo ndicho chimachita dzimbiri, amapenta chitsulo chokhacho. Penti sakwana paliponse. Pamatsala timabowo tosaoneka ndi maso, ndipo kudyeka konse kumathamangira pa timabowo timeneti mpaka paipi kubooka. Ngati penti ndi wochepa, ayambe wapenta mkuwawo. Chabwino koposa n'kupenta zonse, kapena kuika pulasitiki kapena labala pakati kuti zitsulozo zisakhudzane n'komwe.

Za mijigo nazonso n'zomwezi. Kumene madzi apansi ali ndi asidi, zinki ya pa mapaipi imatha msanga, ndipo ngati mapaipiwo alumikizana ndi mkuwa kapena chitsulo chosachita dzimbiri, amadyeka mofulumira. Amayi amayamba kutunga madzi ofiira m'mawa, onunkha chitsulo, othimbiriritsa zovala, ndipo ena amabwerera ku chitsime chosatetezedwa. Pamenepo nkhani ya dzimbiri yasanduka nkhani ya matenda otsegula m'mimba. Mjigo wa Afridev umagwiritsa ntchito mapaipi apulasitiki, ndipo china mwa zifukwa zake n'chimenechi.

Chitsulo chokhala m'madzi nthawi zonse, monga thupi la sitima kapena mizati ya pa doko, penti yekha sachikwanira. Amamangirirapo zibuma za zinki kuti zizidyeka dala. Nzeruyi anaiyesa Humphry Davy mu 1824 pa sitima zankhondo za ku Britain, zimene pansi pake ankakutapo kopa. Anamangirirapo tizidutswa ta chitsulo ndi zinki, ndipo kopa analekadi kudyeka. Koma kopa wosungunuka uja ndi amene ankapha ndere ndi tizilombo ta m'nyanja, ndiye zinamera mothinana mpaka sitima zinayamba kuyenda mochedwa.

Kodi zibumazo zimafunika zochuluka bwanji? Tiyerekeze boti lachitsulo pa doko la Nacala, m'madzi amchere, ndipo mbali yake yomira ndi masikweya mita 100. Tinene kuti pentiyo akadali bwino, moti sikweya mita iliyonse ikufuna mamiliampeya 10 kuti isadyeke. Boti lonse likufuna ampeya imodzi, usana ndi usiku. Chaka chili ndi maola 8,760, ndipo kilogalamu imodzi ya zinki imatha kupereka ampeya imodzi kwa maola pafupifupi 780. Tikagawa, tipeza makilogalamu 11 ndi pang'ono pa chaka. Chibuma sichigwira ntchito mpaka kutheratu, chifukwa chotsalira chimasiyana ndi chogwirira chake, motero tiwerengere makilogalamu 13. Ngati boti lidzatulutsidwe m'madzi pakatha zaka ziwiri, pakufunika makilogalamu 26, ogawidwa m'zibuma zingapo kuzungulira thupi lonse, zambiri ziikidwe kumbuyo kumene kuli chopalasira cha mkuwa. Penti akakalamba mpaka kufuna mamiliampeya 30, zinki yomweyo imatha m'miyezi isanu ndi itatu. Ine ndimaona kuti apa m'pamene eni maboti ayenera kuyang'anitsitsa: woumira pa penti amakalipira pa zinki, katatu.

Boti lomwelo litabwera pa nyanja ya Malawi, masamu asintha. Madzi opanda mchere salola magetsi kudutsa mosavuta, ndipo zinki imachita chikhungu choyera n'kugona tulo. Kuno kumafunika maginiziyamu, amene ali pansi kwambiri, pa -2.37, ndipo amakankha magetsi mwamphamvu. Koma maginiziyamu yemweyo mukamuika m'madzi amchere amatha mofulumira zedi, ndipo amatha kutukusira penti matuza. M'matanki ambiri achitsulo otenthetsera madzi amaikamonso ndodo ya maginiziyamu kapena aluminiyamu, chifukwa madzi akatentha kupitirira madigiri 60, zinki imatha kutembenuka n'kusiya chitsulo kuti chidyeke.

Kuti mudziwe ngati chitetezo chikugwira, yambani ndi maso. Chibuma chabwino chimakumbika, chimachepa, ndipo chikafika theka chisinthidwe. Chimene chatha chaka chili chosalala si cholimba ayi, n'chakufa. Kawirikawiri wina anachipaka penti pokongoletsa boti, kapena anachimanga pamwamba pa penti ndi dzimbiri moti sichikukhudza chitsulo. Pomanga, palani pamalopo mpaka chitsulo chiwale, kenaka muwotcherere kapena mumange ndi mabawuti mothina.

Chotsimikizira chenicheni ndi mita yoyezera magetsi. Waya umodzi amaugunditsa ku thupi la boti, wina ku kachipangizo koyezera ka siliva komwe amakamiza m'madzi pafupi ndi thupilo. M'madzi amchere, chitsulo chosatetezedwa chimaonetsa pafupifupi -0.6, zinki payokha imaonetsa pafupifupi -1.05, ndipo amati chitsulo chatetezedwa chikafika -0.80 kapena kutsikirapo. Muyeze malo angapo, kutsogolo, pakati ndi kumbuyo. Ngati kumbuyo mita ikuti -0.90 koma pakati ikuti -0.70, zibuma zatalikirana, ndipo pakatipo pakufunika china.