Pampu ina ikugwira ntchito, inzake ili chete: ndani amagawa ntchito m'nyumba yopopera madzi?

Mlendo akalowa m'nyumba yopopera madzi n'kupeza mapampu awiri, ina ikulira ina ili zii, kawirikawiri amafunsa kuti, "Kodi inayi inafa?" Wogwira ntchito pamalopo amangomwetulira, chifukwa akudziwa kuti mlendoyo akabweranso mawa apeza yogonayo ikulira, yolirayo itagona. Mapampuwa amalandirana ntchito monga amalandirana katundu anthu awiri pa ulendo wautali. Amene amagamula kuti lero ndi tsiku la yani ndi kakompyuta kakang'ono ka m'bokosi la magetsi la pakhoma, komwe amisiri amakatchula kuti PLC.

Anthu a mu mzinda wa Blantyre amadziwa bwino tanthauzo la pampu kuima, poti madzi awo ambiri amatungidwa mu Shire ku Walker's Ferry, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, ndipo amakankhidwa chokwera phiri kudzera ku Chileka. Koma kuti timvetse nkhaniyi tisayambe ndi zimphona zotere. Tiyerekeze kanyumba kakang'ono pa tauni ina, kokhala ndi mapampu awiri, A ndi B, okweza madzi kupita m'thanki ya pachitunda. Thankiyo ndi yakuya mamita 4, ndipo mita iliyonse imasunga malita 75,000. Pampu iliyonse payokha imakweza malita 60,000 pa ola.

Pa galasi la bokosi lija mumaoneka mawu awiri. LEAD ndi pampu yotsogolera, LAG ndi yothandizira. Madzi a m'thanki akatsika kufika pa mamita 2.5, yotsogolera imayaka. Nthawi zambiri imakwanitsa yokha, madzi amakwera mpaka mamita 3.8, ndipo imazima. Koma m'mamawa, anthu akusamba, ena akutunga, ena akuchapa, tauni yonse imatha kukoka malita 90,000 pa ola. Pamenepo thanki ikutaya malita 30,000 ola lililonse ngakhale pampu ikulira, ndipo pakatha maola awiri ndi theka madzi amakhala atatsika mita yathunthu. Akafika pa mamita 1.5, yothandizira imayaka nayo. Musaganize kuti awiriwo apereka malita 120,000. Madzi akachuluka m'paipi imodzi amakhulana kwambiri ndi makoma ake, motero mwina mungapeze 100,000 okha, ndipo paipi ikakhala yopapatiza amachepa kuposa apa.

Mayina awiriwa si a mapampu, ndi a maudindo. Lero A ndi yotsogolera, mawa udindowo upita kwa B. Chifukwa chake n'chakuti pampu yokhalitsa osazungulira imadwala matenda akeake. Girizi wa m'mabering'i amauma, zotsekera madzi pa mtsuko wake zimamatirira, chinyezi chimalowa m'mawaya a mota, ndipo kunjenjemera kochokera kwa inzake yoyandikana nayo kumadinda timaenje m'mabering'i omwe aima malo amodzi. Pampu yosungidwa miyezi 6 ngati chovala cha pa Khirisimasi ndi imene imakana kudzuka tsiku lomwe mwaifuna.

Njira yakale yosinthanitsira ndi yosavuta: ulendo uno A, ulendo wotsatira B. Imaoneka yachilungamo, koma ili ndi msampha umene ambiri sauona. Tinene kuti pamalo pathu mapampu amayaka kawiri patsiku, ulendo wautali wa masana wa maola 9 ndi waufupi wa usiku wa maola 3. A ikatenga wa masana, B itenga wa usiku, ndipo kukacha A ikumananso ndi wa masana. Mwezi ukamatha A yagwira maola 270, B maola 90 okha, chonsecho iliyonse yayaka ka 30. Zili ngati ana awiri ogawana ntchito mwa "iwe lero m'mawa, ine madzulo", wina n'kumagwera kumunda tsiku lililonse, mnzake kutsuka mbale.

Apa ndi pamene kuwerenga maola kumalowa. Kakompyuta kaja kamasunga maola amene pampu iliyonse yazungulira, ndipo nthawi yoyatsa ikakwana kamasankha yomwe ili ndi maola ochepa. A ikakhala ndi maola 4,210, B ili ndi 4,150, B imatsogolera maulendo onse mpaka itatseka mpata wa maola 60 umenewu, omwe pamalo pathu ndi masiku 5. Amisiri ozindikira salola kuti kusinthaku kuchitike pampu ili pakati pa ntchito, chabe chifukwa yapitirira inzake ndi mphindi imodzi. Mota yoyatsidwa mwachindunji imakoka magetsi owirikiza ka 6 kapena ka 7 poyamba, imatentha, ndipo opanga mota amaika malire a kangati ingayatsidwe pa ola. Kuzima kwadzidzidzi nako kumabwezera madzi m'mbuyo, valavu yotchinga imamenyetseka, ndipo paipi imagunda ngati yamenyedwa ndi nyundo. Choncho kusankha kumadikira kuti zonse ziime zokha. Pokhapokha pamalo pomwe pampu imalira usana ndi usiku m'pamene amaika nthawi, mwina maola 24, kuti inzake iyake kaye kenako yoyambayo izime.

Kuwerenga maola kuli ndi zopusa zake. B ikapita kokakonzedwa masabata 3, A imatsala yokha ndipo imawonjezera maola 252. B ikangobwerera, kakompyuta kaipatsa utsogoleri masabata 3 otsatizana, pomwe A ikugona. Zimaipa kwambiri mukagula pampu yatsopano ya maola 0 n'kuiika pambali pa yakale ya maola 20,000: yatsopanoyo idzatsogolera kwa zaka, ndipo yakaleyo idzauma ndi kukhala. Mankhwala ake ndi kusunga mawerengero awiri. Oyamba ndi a moyo wonse wa pampu, osafufutidwa, othandiza kudziwa nthawi yothira girizi ndi yosintha mabering'i. Achiwiri ndi ogawira ntchito basi, omwe mmisiri amawafananitsa pampu ikabwera kokonzedwa.

Pali funso limene mainjiniya amatsutsana mpaka lero, ndipo ine ndili kumbali ya okayikira. Kodi n'kwanzeru kuti maola afanane ndendende? Mapampu awiri ogulidwa tsiku limodzi, ogwira ntchito mofanana, amakalambanso limodzi, ndipo mabering'i awo amatha mwezi womwewo. Amene analerapo mapasa akudziwa kuti nsapato zimang'ambika pamodzi, ndalama ili yogulira peyala imodzi. Ndi chifukwa chake ena amagawa dala mokondera, maola 60 kwa ina, 40 kwa inzake pa maola 100 aliwonse. Yopumirayo imazungulirabe mokwanira kuti isaume, koma tsiku lokonza lalikulu silifika pa onse nthawi imodzi. Kumalo kumene zipangizo zimachita kuitanitsidwa kunja n'kudikira miyezi, njira imeneyi ndimaiona yanzeru kuposa chilungamo cha theka ndi theka.

Tsopano pampu yotsogolera ikadwala ili pantchito. Kakompyuta sikakhulupirira lamulo lake lokha. Kakalamula A kuti iyake, kamadikira yankho lochokera ku swichi yaikulu ya mota, ndipo likapanda kubwera m'masekondi ngati 5, kamati A yalephera. Koma mota kuzungulira si umboni woti madzi akuyenda. Cholumikizira mota ndi pampu chikhoza kuduka, kapena mpweya kulowa m'paipi yokokera, mota n'kumangolira mopanda phindu. Motero kamayang'ananso ngati madzi ayamba kuyenda m'paipi yotulukira m'masekondi ngati 30. Mmisiri amene ali ndi mita yoyezera magetsi amazindikira msanga: mota yokoka magetsi ochepa kuposa masiku onse ndiye kuti ikuzungulira yopanda katundu, pomwe yokoka ochuluka ikulimbana ndi china chake, bering'i yomwe ikugwira kapena chinyalala chomwe chakola mkati. Yotereyi chotetezera chake chimaidula, ndipo nyali ya TRIP imayaka.

Zikatero A imachotsedwa pa mndandanda, B imalandira utsogoleri ngakhale ikhale ndi maola ambiri, ndipo imayaka pakangopita masekondi ochepa kuti madzi a m'paipi akhazikike. A siyibwerera yokha. Imadikira munthu adzaione ndi maso n'kudina RESET, chifukwa pampu yoyesayesa kuyaka payokha pa vuto lomwelo imathera kupsa mawaya. Swichi yake ikatembenuzidwira pa OFF kapena HAND, kakompyuta kamaiona ngati kulibe. Imawerengedwa ikakhala pa AUTO pokha. Mmisiri wothira girizi akaiwala kuibwezera pa AUTO, malowo amatsala ndi pampu imodzi popanda chilichonse chowonongeka.

Chofunika kuchisamala kwambiri ndi kusiyanitsa vuto la pampu ndi vuto la malo onse. Ngati A yaima chifukwa dziwe lokokeramo madzi laphwa, kupatsira B ntchito ndi kuipereka kokaphedwa, poti pampu yozungulira yopanda madzi imawotcha zotsekera zake m'kanthawi kochepa. Chimodzimodzi waya mmodzi mwa atatu a magetsi akafa: mota iliyonse imene mungayatse ivutika mofanana. Mavuto awa ayenera kuimitsa mapampu onse, osaika mlandu pa ina iliyonse, kenako ntchito iyambirenso yokha zinthu zikabwerera mwakale. Magetsi akabwera atazima, thanki imakhala ili pansi ndipo mapampu onse amafunidwa, koma amayatsidwa motsatana, wina patsogolo wina pambuyo, kuti asakokere pamodzi magetsi oyambira aja.

Komabe, kupatsirana ntchito kukamayenda bwino kumabisa matenda. A yafa Lachiwiri usiku, B yalandira, madzi akutuluka pa mpope, palibe wodandaula. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ngati nyali yofiira ija ikuyakira m'nyumba yokhoma yomwe munthu amalowamo kamodzi pa sabata, malowo akuyenda ndi mwendo umodzi. M'mamawa yothandizira palibe, thanki imatsika kupitirira mamita 1.5, ndipo okhala kumtunda amayamba kuona madzi akuchepa cha m'ma 9 koloko, osadziwa chifukwa. Tsiku limene B idzaime, anthu adzati mapampu onse afa nthawi imodzi, chonsecho ina inafa kalekale. Chizindikiro chimakhala m'buku la maola: nambala ya pampu ina ikukwera tsiku ndi tsiku, ya inzake yaima pamodzimodzi.

Inu amene muli m'komiti ya madzi, kapena mumayang'anira mapampu pa sukulu, pa chipatala kapena pa esiteti, pemphani kuti uthenga wa vuto uzifika pa foni ya munthu, osathera pa nyali ya pakhoma. Lembani maola a pampu iliyonse sabata ndi sabata. Ndipo kamodzi pamwezi, mmisiri ali pomwepo, tembenuzirani yotsogolera pa OFF ikugwira ntchito, muwerenge masekondi, muone ngati inzakeyo idzuke.