Filimu Imayambira Papepala: Momwe Amajambulira Sitoribodi

Wolemba filimu akalemba kuti "mwana apereka kalata kwa mayi ake", iye wamaliza ntchito yake. Koma wogwira kamera sangajambule chiganizocho chili choncho. Ayenera kudziwa kuti kamera iime pati, itenge thupi lonse kapena dzanja lokha, iyende kapena ikhale phee, ndiponso owonera ayang'ane chinthucho kwa masekondi angati. Mafunso amenewa akayankhidwa tsiku lojambula, ochita sewero atavala kale, dzuwa likupendeka, ganyu wa jenereta akuwerengera maola, mayankho ake amakhala aphuma. Sitoribodi ndi mndandanda wa zithunzi zojambula pamanja, m'timabokosi totsatana, umene umayankha mafunsowa kamera isanatuluke m'chikwama.

Njirayi inakhwimira ku kampani ya Walt Disney ku America kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1930. Amene amatchulidwa kuti anaiyambitsa ndi Webb Smith, yemwe ankajambula zochitika pa mapepala osiyanasiyana n'kumawakhoma pakhoma motsatana. Katuni ya Three Little Pigs ya mu 1933 ndi imene imadziwika kuti inali yoyamba kukonzedwa yonse mwa njira imeneyi. Kenaka opanga mafilimu a anthu enieni anaitengera, ndipo pofika mu 2015 filimu ya George Miller ya Mad Max: Fury Road inali itakonzedwa pa timabokosi pafupifupi 3,500. Komabe munthu safunika luso la ojambula a Disney. Timitu tozungulira ndi mizere ya manja ndi miyendo n'zokwanira, bola aliyense aone kuti munthu waima pati ndipo wayang'ana kuti.

Tiyeni titenge kachigawo kamodzi kongoyerekeza n'kukagwira ntchito mpaka kumapeto. Sikiriputi ikuti: Pakhonde, masana. Mayi akhala pamphasa, akupeta mpunga. Mwana wawo wamkazi afika ndi envelopu. Mayi afunsa, "Wabwera nayo?" Mwana ayankha, "Eya, amayi." Mayi atsegula, awerenga, aimirira n'kululutira.

Zimenezi zingatenge theka la tsamba. Opanga mafilimu amawerengera kuti tsamba limodzi la sikiriputi, lolembedwa m'kalembedwe kake kovomerezeka, limakhala pafupifupi mphindi imodzi pa sikirini. Ndiye tili ndi masekondi 30 oti tiwagawe.

Pensulo isanagwire pepala, werengani chigawocho kangapo n'kulemba mzere paliponse pamene pasintha chinthu: pamene mwana wafika, pamene mayi amuona, pamene kalata yachoka m'dzanja lina kupita m'dzanja lina, pamene nkhope ya mayi yasintha. Kenaka dzifunseni kuti mwa zonsezi chachikulu n'chiti. Kwa ine ndi nthawi imene mayi akuwerenga, ife tisanadziwe ngati uthengawo ndi wabwino kapena woipa. Mashoti ena onse ayenera kutumikira nthawi imeneyo. Shoti ndi chidutswa cha filimu kuyambira pamene chithunzi chayamba mpaka pamene chadulidwa kupita ku china.

Timabokosi tijambulidwe mofanana ndi sikirini, ndiye kuti mulitali 16 mulifupi 9. Masentimita 8 kwa 4.5 amakwana bwino, tisanu ndi kamodzi patsamba. Pansi pa kalikonse musiye malo olembapo nambala ya shoti, mawu oyankhulidwa, phokoso ndi masekondi.

Shoti yoyamba ikhale yapatali, imene amaitcha waidi, ndipo papepala amangolemba WS. Ikuonetsa nyumba, khonde, mayi ali kumanzere, ndi mwana akulowa kuchokera kumanja. Ntchito yake ndi kuuza owonera kumene tili komanso mtunda umene uli pakati pa anthu awiriwa. Yachiwiri ndi midiyamu, MS, yoyambira m'chiuno kupita kumutu: mayi akupeta, kenaka adzutsa mutu. Pamenepa manja ndi nkhope zimaoneka limodzi, n'chifukwa chake zokambirana zambiri m'mafilimu zimajambulidwa motere. Yachitatu ndi yapafupi, kilozapu, CU, ndipo ikuonetsa envelopu ili m'dzanja la mwana, chala chikuikanda m'mphepete.

Kilozapu ili ngati mchere m'ndiwo: ukauthira paliponse palibenso chokoma. Oyamba kumene amaikonda chifukwa imaoneka bwino pa foni, koma mukaonetsa nkhope ya mayi pafupi kuyambira pachiyambi, mulibenso poti muyandikire pamene akuwerenga kalata. M'chigawo chathuchi nkhope ya mayi tiisunge mpaka shoti yachisanu ndi chimodzi.

Shoti yachinayi ndi yachisanu ndi za kuyankhulana, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwera m'mbuna. Ganizirani mzere wosaoneka wochokera pa mayi kukafika pa mwana. Kamera ikasankha mbali imodzi ya mzerewu, iyenera kukhala mbali yomweyo mpaka chigawo chithe. Limeneli ndi lamulo la madigiri 180. M'waidi muja mayi anali kumanzere akuyang'ana kumanja, mwana kumanja akuyang'ana kumanzere. Kamera ikaoloka mzere pojambula mwana, iyenso aoneka akuyang'ana kumanja, ndipo owonera aona ngati awiriwa akuyankhula ndi munthu wina wachitatu amene sakuoneka. Kuzindikira vutoli papepala n'kosavuta. Ikani kabokosi kachinayi ndi kachisanu pafupi, muone maso. Ngati akukumana, zili bwino. Ngati onse aloza mbali imodzi, mwaoloka. Kumbuyo kwa pepala jambulaninso kamapu ka khondelo ngati mukuliona kuchokera kudenga, n'kuikapo malo onse amene kamera iime.

Palinso nkhani ya msinkhu wa kamera, imene sikiriputi sinaitchule n'komwe. Mayi ali pamphasa, mwana ali chiimire. Kamera ikayang'ana mwana kuchokera pansi, iye aoneka wamkulu ndi wamphamvu, ngati wabwera kudzalamula. Mwana wakwathu sapereka chinthu kwa mayi ake ali chilili, choncho m'shoti yachisanu agwade n'kupereka kalatayo ndi manja awiri, ndipo kamera itsike nayo kufika pamene maso awo ali pamzere umodzi. Kugwadako kumadya nthawi, ndiye kuyenera kuwerengedwa.

Tsono pepala siliyenda, nanga kuyenda kwa kamera kumaonetsedwa bwanji? Ndi mivi. Muvi wojambulidwa m'kati mwa kabokosi, pafupi ndi munthu, umasonyeza kumene munthuyo akulowera. Muvi wonenepa wa m'mphepete mwa kabokosi ndi wa kamera. Kamera ikatembenuka kumanzere kapena kumanja ili pamalo amodzi, imeneyo ndi pani. Ikaweramira pansi kapena kudzutsa mutu, ndi tiliti. Shoti yoyenda imafuna timabokosi tiwiri, koyambira ndi kothera. Shoti yathu yachitatu ikhala 3A, envelopu m'dzanja, ndi 3B, nkhope ya mwana, muvi woloza kumwamba uli pakati pake. Tiliti imeneyi ili ndi chifukwa: ikulumikiza kalata ndi mantha a mwiniwake popanda kudula. Kuyenda kwa kamera kumene simungathe kufotokoza chifukwa chake m'chiganizo chimodzi, kufufuteni.

Shoti yachisanu ndi chimodzi ndiye mtima wa chigawochi. Mu 6A mayi akuoneka kuyambira m'chiuno, kalata ili m'manja; mu 6B nkhope yokha yadzaza kabokosi. Kuti tifike pamenepo pali njira ziwiri zimene anthu amazisokoneza. Zumu ndi pamene galasi la kamera likukulitsa chithunzi kamera ili pomwepo, ndipo chilichonse, khoma ndi munthu yemwe, chimangokula limodzi. Dole ndi pamene kamera yeniyeniyo ikusendera patsogolo pa matayala, ndipo nsanamira ya khonde imene ili pafupi imadutsa m'mbali, zakumbuyo n'kusuntha pang'ono, monga momwe zimakhalira munthu akamayandikira mnzake. Pano ndikadasankha dole, chifukwa tikufuna owonera amve ngati akusendera okha kuti awerenge nkhopeyo. Koma lembani zimenezi mutaona malo. Ngati khondelo ndi ladothi lokumbikakumbika ndipo mulibe njanji zoyendetsapo kamera, chithunzi chigwedera. Pamenepo ndi bwino kugawa shotiyo pawiri, midiyamu kenaka kilozapu, zonse kamera ili pa miyendo yake itatu.

Pojambula 6A mutulukiranso chinthu china. Manja onse a mayi agwira kalata. Nanga lichero lili kuti? Wolemba sanaliganizire, koma wojambula kabokosi sangalithawe. Tikaliika pamiyendo pawo, ndiye kuti akamaimirira ligwa. Pamenepo tapeza shoti yachisanu ndi chiwiri imene munalibe m'sikiriputi: kilozapu ya lichero likugwa, mpunga ukumwazika pamphasa, nthungululu ikumveka mayi osaoneka. Kwa kanthawi kochepa owonera aganiza kuti zavuta, kenaka khutu liwauza kuti ndi chimwemwe.

Chatsala ndi nthawi. Kabokosi sikanena kokha kuti kakhale masekondi angati, ndipo kuchuluka kwa timabokosi sikufanana ndi kutalika kwa shoti. Tili ndi mashoti 7 koma timabokosi 9. Tengani wotchi ya pa foni, muyankhule mawuwo mokweza monga momwe wosewera adzawayankhulire, ndipo muchite zochitikazo ndi thupi lanu, kugwada komwe. Poyamba mungagawe motere: waidi masekondi 5, mayi akupeta 4, tiliti 4, funso la mayi 3, yankho ndi kugwada 5, kuwerenga 7, lichero 2. Zonse pamodzi 30. Pa wailesi yakanema ya kuno, monganso ku Britain ndi ku South Africa, sekondi imodzi imakhala ndi mafulemu 25, pamene filimu ya m'nyumba zoonetsera imakhala ndi 24. Choncho chigawo chathu chili ndi mafulemu 750, ndipo lichero lapatsidwa 50. Opanga makatuni amalemba nthawi m'mafulemu chifukwa sekondi iliyonse yowonjezera ndi ntchito yojambula yowonjezera.

Manambalawa ndi ongoyerekeza mpaka atayesedwa. Jambulani kabokosi kalikonse ndi foni, muike zithunzizo motsatana m'pulogalamu yodulira mavidiyo, chilichonse chikhale nthawi imene mwachipatsa, n'kuikapo mawu amene mwawatepa nokha. Chimenechi amachitcha animatiki. Mukachionera mwina muona kuti waidi ija yatalika: pofika sekondi yachitatu diso laona kale nyumba, mayi ndi mwana, ndipo layamba kuyendayenda m'makona. Lichero nalo lafupika, nthungululu ikudulidwa isanakwere. Chotsani masekondi awiri ku waidi muwapereke ku lichero, 3 uku 4 uko, chiwerengero chikhalabe 30.

Masekondi 7 a kuwerenga aja musawakhudze msanga, ngakhale pa animatiki aoneke aatali. Chithunzi cha pensulo sichiphethira, sichimeza malovu, ndiye chimatopetsa msanga kusiyana ndi nkhope ya munthu wamoyo. Njira yabwino yoyesera ndi kuonetsa animatikiyo kwa munthu amene sanawerenge sikiriputi, osamufotokozera kalikonse, kenaka n'kumufunsa kuti anadziwa pati kuti uthengawo ndi wabwino. Akanena kuti anadziwira pa nthungululu, nthawi yagawidwa bwino. Akanena kuti anadziwa kale mwana akugwada, bwererani ku 3B ndi shoti yachisanu, chifukwa n'kutheka kuti mwamujambula akumwetulira.