Kalata Imene Katswiri Amasiya Potsanzika

Katswiri wosanthula ziwerengero akamasiya ntchito, amalembera womulowa m'malo kalata yofotokoza dashibodi, tsamba la pakompyuta losonyeza mmene malonda akuyendera. Kalata yabwino imatchula kumene ziwerengero zimachokera, mmene zimawerengedwera, ndi nthawi imene zatsopano zimalowa.

Tiyerekeze dashibodi ya Power BI imene imatenga malonda mufayilo ya Excel m'mawa uliwonse. Wina akangosintha mutu wa mzere woimirira kuchoka pa "Mtengo" kukhala "Mitengo", kulowetsako kumalephera, koma tsambalo limangopitiriza kuonetsa zadzulo, osadandaula. N'chifukwa chake kalatayo iyenera kunena poonera tsiku limene ziwerengero zinalowa komaliza.

Chimene ambiri amaiwala ndi akaunti. Ngati dashibodi imalowera pa dzina la wochokayo, idzaima akauntiyo ikatsekedwa. Isamutseni asanatsanzike.