Uthenga wotsanzika mnzanu wopuma pa ntchito usamveke ngati mbiri ya pamaliro

Mipando yandandalikidwa pansi pa mtengo wa mango, zakumwa zili m'ndowa ya madzi ozizira, ndipo mwini tsiku wakhala kutsogolo pakati pa mkazi wake ndi abwana. Wina akuimirira ndi pepala m'manja. "Anabadwa chaka chakuti, m'mudzi mwa akuti, mfumu yaikulu yakuti. Anayamba ntchito chaka chakuti. Anali munthu wolimbikira, wodzichepetsa, wokonda anzake." Anthu akuwomba m'manja mwaulemu, koma ena kumbuyo akuyang'anana, chifukwa mawu omwewa anawamva sabata yatha kumanda. Mwini wakeyo ali moyo, wavala suti yake yabwino, akumvetsera anzake akumunena kuti "anali."

Umu ndi mmene mauthenga ambiri otsanzikana amathera m'masukulu, m'zipatala ndi m'maofesi. Sikuti olembawo alibe chikondi. Vuto n'lakuti mtundu wa mbiri umene Amalawi ambiri anauzolowera ndi wa pamaliro, ndiye munthu akapatsidwa cholembera dzanja limangolondola njira yomweyo. Mbiri ya pamaliro imabisa zofooka zonse ndipo imayamika aliyense ndi mawu ofanana. Wopuma pa ntchito safuna zimenezo. Iye amafuna kumva kuti anzake anamuonadi, kuti pa zaka zonsezo anthu anazindikira mmene iye yekha amagwirira ntchito.

Titenge chitsanzo cha mayi wina, mphunzitsi wa pulayimale. Tinene kuti anabadwa mu 1964, chaka chimene Malawi analandira ufulu wodzilamulira, anayamba kuphunzitsa mu 1987, ndipo anakwanitsa zaka 60, msinkhu wopumira pa ntchito m'boma, mu 2024. Ndiye kuti wagwira choko zaka 37. Aphunzitsi anzake agwirizana zomukonzera mwambo, ndipo mmodzi wa iwo wapatsidwa ntchito yolemba uthenga wa gulu lonse.

Wolembayo asathamangire kulemba. Ayambe wayenda. Kutatsala masabata awiri, afunse anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi amene agwira ntchito ndi mayiyu pa nthawi zosiyana: mnzake wakale amene anayambira limodzi, mphunzitsi wachinyamata amene wafika chaka chatha, ahedi, mlonda, mayi wa m'komiti ya sukulu, ngakhalenso munthu wamkulu amene anaphunzitsidwa naye mu Sitandade 1. Funso lake lisakhale lakuti "Amayiwa ndi munthu wotani?" chifukwa yankho lidzakhala "ndi abwino kwambiri," basi nkhani n'kuthera pomwepo. Afunse kuti, "Ndi tsiku liti limene simudzaliiwala?" Funso limenelo ndi limene limatulutsa nkhani. Mlonda adzakumbuka kuti amayiwa ndi amene amafika iye asanaweruke. Wachinyamata uja adzakumbuka mmene anamubwezera sikimu yake katatu yonse ili ndi inki yofiira, kenaka madzulo n'kumutumizira mbale ya futali kunyumba.

Zaka ndi mayina a malo azifunse kwa mwini wake kapena kwa ahedi amene amasunga fayilo. Palibe chimene chimachititsa manyazi ngati kunena kuti munthu wagwira zaka 35 pamene iye amawerenga 37, poti zaka ziwirizo mwina ndi zimene anavutika kwambiri kusukulu ya kumudzi yopanda nyumba ya mphunzitsi. Ndipo si zaka zonse zimene ziyenera kulowa. Zitatu zimakwana: chaka choyamba ntchito, chaka chofika pamalo pano, ndi chaka chimodzi chimene chili ndi nkhani.

Kwa mphunzitsi wa msinkhu umenewu, chaka cha nkhanicho chimadzisankha chokha. Mu 1994 boma linachotsa fizi m'sukulu za pulayimale, ndipo chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa mamiliyoni atatu. Ana ambiri anaphunzirira pansi pa mitengo, bolodi litatsamira pa thunthu. Wolemba waulesi angalembe kuti "anapirira pa nthawi zovuta." Wolemba amene wafunsa bwino adzalemba zimene anthu angazione ndi maso, monga izi:

"Amayi, mu 1994 munapatsidwa kalasi ya pansi pa mtengo, ana osawerengeka, choko theka la bokosi. Mvula ikayamba munkanyamula bolodi pamutu, ana pambuyo ngati anapiye, mpaka pakhonde la tchalitchi. Ena mwa anapiye aja ndi awa akhala apa lero ndi ana awo."

Ziganizo zitatu zokha, ndipo mulibe mawu akuti "wolimbikira." Komabe aliyense wamva kulimbikirako. Onaninso kuti uthengawo ukulankhula ndi mwini wake, "munapatsidwa," "munkanyamula," osati "anapatsidwa." Kusintha kochepaku n'kumene kumachotsa fungo la maliro. Pomutchula, agwiritse ntchito dzina limene anthu amamuitanira tsiku ndi tsiku mwaulemu, kaya ndi "Amayi," "Aphunzitsi," kapena la mfunda wake, monga Naphiri kapena Nabanda. Dzina lonse la m'fayilo litchulidwe kamodzi poyamba, n'kulisiya.

Pamene ambiri amachita mantha ndi pa zofooka. Munthu amene wakhala ndi anzake zaka makumi atatu sanali mngelo, ndipo onse amene akhala pamwambopo akudziwa zimenezo. Uthenga ukangoyamika kuyambira pamwamba mpaka pansi, omvera amasiya kukhulupirira ngakhale zoona zomwe. Koma si chofooka chilichonse chimene chingatchulidwe pagulu. Njira yosavuta yoyezera ndi mafunso awiri. Kodi mwini wakeyo amaseka nacho yekha anzake akamunena? Kodi chofookacho chinapindulitsako wina? Ngati mayankho onse ndi inde, chilowe.

Mayi wa m'chitsanzo chathu ndi wovuta pa nkhani ya nthawi. Amaimba yekha belu, chitsulo cha limu ya galimoto chopachikidwa pa mtengo chija, ngati mwana woimba wachedwa ndi mphindi ziwiri, ndipo amayang'ana wotchi yake mphunzitsi mnzake akamalowa pageti. Anzake akhala akung'ung'udza nazo zaka zambiri. Zimenezi zikhoza kunenedwa chotere:

"Sitinama, Amayi, munkatitopetsa ndi wotchi yanu ija. Enafe tinkazungulira kuseri kwa zimbudzi kuti musatione. Koma lero tikuvomereza pamaso pa anthu: ana athu analowa m'kalasi nthawi yake chifukwa cha inu. Lolemba likubwerali sitikudziwa kuti belu adzaimba ndani."

Apa anthu adzaseka, mwini wake adzaphimba kumaso ndi mpango, ndipo mwina misozi idzatsika pa chiganizo chomalizacho. Chimene chapangitsa kuti nthabwalayi isapweteke n'chakuti olembawo adzinena okha, avomera kuti ankazemba. Mlandu wagawidwa pakati.

Pali zina zimene sizilowa ngakhale zitakhala zoona bwanji: ngongole za kubanki m'khonde, kalata yochenjeza imene analandira kalekale, mowa, matenda, nkhani za m'banja, ndi mkangano umene sunathe. Pamwambopo pali ana ake, apongozi ndi azibusa, ndipo munthu akanyozeka pamaso pa amenewa alibe tsiku lina lobwera kudzadziyeretsa. Ngati panali kusamvana kwenikweni kumene aliyense akukudziwa, chiganizo chimodzi chimakwana, chonga chakuti "pamene tinakulakwirani mutikhululukire, nafenso tilibe nanu chifukwa." Mawu otere si achilendo pa kutsanzikana kwathu, ndipo safuna kutambasulidwa.

Nthabwala ina imene imamveka kawirikawiri koma ndi yoopsa ndi ya ndalama za penshoni, ija yakuti "tsopano mwalemera, musatiiwale." Ambiri opuma pa ntchito amadikira miyezi ndalama zawo zisanatuluke, malipiro a pamwezi atasiya kale. Kunena za chuma pamaso pa abale ndi kumuitanira opempha pa nthawi imene m'thumba mwake mulibe kanthu. Chimodzimodzinso mawu akuti "mukapume, mwakalamba." Munthu wa zaka 60 amakhala ali ndi mapulani a munda, nkhuku, kapena sukulu ya mkaka. Wolemba amufunse mwakachetechete zimene akufuna kukachita, ndipo ngati walola, mafuno abwino a kumapeto alunjike pa chimenecho. Mphatso nayo imayenda bwino ikagwirizana ndi uthenga. Ngati mwanena za munda wake wa chimanga, thumba la feteleza limalankhula kuposa wotchi ya pakhoma, ngakhale kuti kwa amayi athuwa wotchiyo ingaseketse anthu kwambiri.

Wowerenga asankhidwe mosamala. Pa chikhalidwe chathu si aliyense amene angaseleule munthu wamkulu. Asuweni amanyogodolana, agogo ndi adzukulu amaseleulana, koma mwana sanena zofooka za kholo pabwalo. Kuntchito n'chimodzimodzi. Ndime ya wotchi ija ikawerengedwa ndi mnzake wa msinkhu umodzi imakhala nthabwala. Ikawerengedwa ndi mnyamata amene wangotuluka kumene ku koleji imamveka mwano, ndipo ikachokera kwa ahedi imamveka ngati chidzudzulo chomaliza. Magulu ena amagawana: wachinyamata amawerenga zothokoza, mnzake wakale amawerenga zoseketsa. Abwana ali ndi nthawi yawo yolankhula m'malo mwa ofesi, choncho uthenga wa gulu usabwereze zimene iwo adzanene.

Kutalika kwake kusapitirire mphindi zitatu kapena zinayi, kutanthauza tsamba limodzi lotayipa. Pamwambo wotere olankhula amakhala ambiri, dzuwa likuswa mtengo, mpunga ukuzizira. Chilankhulo chikhale chimene gululo limachezera pa nthawi ya tiyi. Ngati mumaseka mu Chichewa, musatsanzike mu Chingerezi cha m'makalata a boma, chimene azakhali ake ochokera kumudzi sachimva.

Kutatsala masiku awiri, wolembayo awerenge uthengawo mokweza pamaso pa anzake awiri, mmodzi wa iwo akhale amene sankagwirizana kwenikweni ndi wopumayo. Ameneyo ndiye adzadziwe msanga pamene mwakokomeza. Kenaka ayese chinthu chimodzi: aphimbe dzina ndi chala, n'kufunsa ngati uthengawo ungawerengedwe kwa munthu wina aliyense pasukulupo. Ngati ungatheke, ndiye kuti ntchito sinathe, abwerere kwa mlonda uja akafunsenso.

Mukamaliza kuwerenga, pepalalo musalipinde n'kuliika m'thumba. Litayipeni bwino, aliyense asainire pansi ndi dzanja lake, kuphatikizapo mlonda ndi amayi ophika phala, ndipo mulipereke kwa mwini wake pamodzi ndi mphatso.