Ophunzira 12 angayankhulire bwanji anzawo 60?

Wailesi ikalengeza kuti kafukufuku wapeza zakutizakuti za Amalawi, sipalephera kupezeka munthu wodandaula kuti, "Afunsa ndani? Ine sanandifunse." Dandaulo limeneli ndi lomveka. Kufunsa aliyense kumachitika pa kalembera yekha, ngati wa 2018 amene anapeza anthu pafupifupi 17.5 miliyoni m'dziko muno, ndipo ntchito yake ndi yodula kwambiri. Kafukufuku wina yense amafunsa kagulu kochepa kuti kaimire onse. Funso loyenera tsono si lakuti afunsa angati, koma lakuti ofunsidwawo anasankhidwa bwanji.

Njira zake zili m'magulu awiri. Yoyamba ndi yosankha mwa maere: aliyense ali ndi mwayi woti asankhidwe, ndipo kukula kwa mwayiwo kumadziwika ntchito isanayambe. Yachiwiri ndi yopanda maere: wofufuza amatenga amene wawapeza pafupi, amene adzipereka okha, kapena amene iye akuwaona kuti ndi oyenera. Kusiyana kwake kumaoneka bwino m'kalasi.

Tiyerekeze kuti mphunzitsi wa Fomu 2 ali ndi ophunzira 60, ndipo akufuna kudziwa kuti pa avareji amayenda mphindi zingati kuchoka kwawo kufika pasukulu. Ife tidziwiretu zoona zake, zimene mphunzitsiyo sakuzidziwa. Ophunzira 40 amakhala pafupi ndipo amayenda mphindi 15. Otsala 20 amachokera kutsidya kwa mtsinje, ulendo wa mphindi 60. Tikaphatikiza mphindi 600 za apafupi ndi 1,200 za akutsidya, n'kugawa 1,800 ndi 60, tipeza mphindi 30. Yankho lenileni ndi limeneli.

Tsiku loyamba mphunzitsi waima pakhomo m'mawa, n'kufunsa ophunzira 12 oyambirira kufika. Mwa iwo, 11 ndi apafupi, wakutsidya ndi mmodzi yekha. Mphindi zawo zonse ndi 225, ndipo avareji yake ndi pafupifupi 19. Palibe mwana amene wanama, masamu nawonso ali bwino, koma yankho laperewera ndi mphindi 11. Chalakwika n'chakuti chimene mphunzitsi akuyeza, kutalika kwa ulendo, ndi chomwecho chimene chachititsa kuti ena afike msanga n'kufunsidwa. Ana akutsidya anali akadali panjira.

Mawa lake angaganize zoonjezera chiwerengero kuti afunse 24 oyambirira. Akapeza apafupi 22 ndi akutsidya awiri, avareji ikhalabe pa 19. Kuchuluka kwa ofunsidwa sikuchiza kukondera. Kumangomupatsa munthu chidaliro chachikulu pa yankho lolakwika, ndipo ine ndimaona kuti ngozi yaikulu pa nkhaniyi ili pamenepa.

Tsopano achite maere. Atenge kaundula wa kalasi, mwana aliyense ampatse nambala kuyambira 1 mpaka 60, alembe manambalawo pa timapepala tofanana kukula, atipinde mofanana, atiponye m'ndowa n'kutisakaniza bwinobwino. Mwana mmodzi atole 12 osasuzumiramo. Aliyense m'kalasimo, wofika m'mamawa kapena wochedwa, wolongolola kapena wamanyazi wokhala kumbuyo, ali ndi mwayi umodzi pa isanu. Zili ngati ndiwo za mumphika: ukavundula kaye, supuni imodzi imakuuza za mchere wa mphika wonse.

Tinene kuti m'ndowa mwatuluka apafupi 7 ndi akutsidya 5. Mphindi zonse ndi 405, avareji pafupifupi 34. Yapitirira pang'ono. Akabwezamo timapepala n'kutolanso, mwina atuluka 9 ndi 3, avareji pafupifupi 26. Maere nawonso amaphonya, koma amaphonya uku ndi uku, ndipo akabwerezedwa kambirimbiri mayankho ake amazungulira pa 30. Kuphonya kotereku kumachepa kagulu kakamakula, komanso akatswiri amatha kuwerengera kukula kwake. Ndiye chifukwa chake lipoti labwino limanena kuti zotsatira zikhoza kukwera kapena kutsika ndi maperesenti akuti. Kuima pakhomo kuja kumaphonyera mbali imodzi tsiku lililonse, ndipo palibe masamu ouza mphunzitsi kuti waphonya motani.

Ngati mphunzitsi akudziwa kale kuti gawo limodzi mwa atatu a kalasi ndi la kutsidya, angakonze ndowa ziwiri, n'kutola 8 m'ndowa ya apafupi ndi 4 m'ndowa ya akutsidya. M'chitsanzo chathu zimenezi zipereka 30 ndendende, poti ana a mbali imodzi tawapatsa mphindi zofanana. M'kalasi yeniyeni yankho lingangoyandikira kwambiri. Koma pali njira ina yofanana nayo pamaso, imene imapusitsa ambiri. Mphunzitsi akhoza kunena kuti akufuna 8 ndi 4, koma n'kuwasankha yekha pakhomo. Akutsidya anayi oyambirira kufika angakhale aja ali ndi njinga. Chiwerengero cha gulu lililonse chakwana, koma m'kati mwa gulumo kukondera kwalowanso.

Ku America zinthu ziwirizi zinachitikadi. Mu 1936 magazini ya Literary Digest inatumiza mapepala ofunsa za chisankho pafupifupi 10 miliyoni, maina ambiri itawatenga m'mabuku a matelefoni ndi a eni magalimoto. Anthu oposa 2 miliyoni anayankha, ndipo magaziniyo inalosera kuti Alf Landon apambana. Franklin Roosevelt ndiye anapambana ndi mavoti pafupifupi 61 pa 100 alionse. George Gallup, amene anafunsa anthu ochepa kwambiri poyerekeza, analosera molondola chaka chimenecho. Koma njira yake inali ija yokwaniritsa chiwerengero cha gulu lililonse, ofunsa n'kumasankha okha anthu, ndipo mu 1948 inamugwiritsa fuwa la moto pamene analosera kuti Thomas Dewey agonjetsa Harry Truman.

Ndowa nayonso ili ndi poterera. Ngati kaundula ndi wa teremu yatha ndipo ana atsopano asanu mulibe, mwayi wawo ndi ziro ngakhale mutasakaniza chotani. China chimachitika kawirikawiri: nambala 47 yatuluka, koma mwini wake sanabwere lero chifukwa mtsinje wadzaza. Mphunzitsi akangoti, "Iwe wakhala pafupiwe, yankha m'malo mwake," maere aja afera pomwepo, popeza wojomba chifukwa cha mtsinje ndi yemwe uja wa ulendo wautali. Choyenera ndi kumudikira mawa, ndipo akapanda kupezeka, kulemba poyera kuti mwa 12 osankhidwa anayankha 11.

Sikuti njira yopanda maere ndi yachabe. Mphunzitsi akafuna kumvetsa zimene ana akutsidya amakumana nazo nthawi ya dzinja, alibe chifukwa chochitira maere. Aitane dala atatu kapena anayi amene amawoloka mtsinjewo, akhale nawo pansi, amve za nsapato zonyowa ndi makope oonongeka. Momwemonso, wofufuza za ana amene anasiya sukulu alibe kaundula woti atolemo maina, choncho amapeza mmodzi, iyeyo n'kumulozera kwa mnzake. Zimene apeze ndi zoona ndiponso zothandiza. Chimene sangachite ndi kusandutsa mayankho amenewo kukhala peresenti ya kalasi yonse kapena ya mudzi wonse.

Pa kafukufuku wamkulu wa m'makomo, a National Statistical Office ku Zomba sakhala ndi ndowa ya maina a Amalawi onse, ndiye amachita maere kawiri. Amayamba asankha timadera tina mwa timene tinagawidwa pa kalembera, kenako amalemba makomo onse a m'kadera kalikonse kosankhidwa, n'kusankhamo ena mwa maere. Wofunsa mafunso akapeza pakhomo losankhidwa palibe munthu, malamulo a ntchito yake salola kuti alowe kwa oyandikana nawo. Amayenera kubweranso pakhomo lomwelo.