Kulipira msanga kuti akuchotsereni: masamu ake ndi awa

Amene amaoda katundu pangongole kumakampani akuluakulu amauona mzere uwu m'munsi mwa invoisi: 2/10, net 30. Ogulitsa ena salemba n'komwe, amangonena pakamwa kuti mukalipira msanga tikuchotserani pang'ono. Tanthauzo lake ndi limodzi. Mwapatsidwa masiku 30 oti mulipire ndalama zonse, koma mukalipira pasanathe masiku 10 muchotseredwa 2 peresenti.

Amalonda ambiri akamva za 2 peresenti amangopukusa mutu. Pa K100 iliyonse n'kupulumutsa K2 yokha, m'dziko momwe ngongole ya kubanki yakhala ikudutsa 25 peresenti pachaka? Apa m'pomwe pamalakwika, chifukwa akuyerekeza zinthu ziwiri zoyezedwa pa nthawi yosiyana. Chiwongoladzanja cha kubanki ndi cha chaka chathunthu, pamene 2 peresenti ija mwaipeza m'masiku 20 okha.

Tiyerekeze mayi wina ali ndi shopu ya zipangizo zomangira ku Mchesi mu Lilongwe, ndipo waoda penti ndi misomali za K5,000,000 pa mgwirizano umenewu. Akalipira tsiku la 10 apereka K4,900,000. Akadikira mpaka tsiku la 30 apereka K5,000,000. Ndiye kuti polipira msanga wasiyana ndi K4,900,000 yake masiku 20 nthawi isanakwane, ndipo malipiro ake pochita zimenezi ndi K100,000. Sizikusiyana ndi kukongoza wogulitsayo K4,900,000 kwa masiku 20 n'kubwezeredwa K5,000,000. Nkhaniyi iyenera kuonedwa choncho, ngati malo oikapo ndalama kuti ibereke, ofanana ndi akaunti yosungitsa ndalama kubanki kapena katundu wapashelefu.

Pali zinthu ziwiri zofunika kusamala powerengera. Choyamba, phindu ligawidwe ndi ndalama zomwe zatulukadi m'thumba, osati zolembedwa pa invoisi. K100,000 pa K4,900,000 ndi 2.04 peresenti, osati 2. Chachiwiri, masiku owerengera ndi 20, osati 30 kapena 10. Masiku 10 oyambirira ndi aulere kwa aliyense, wolipira msanga ndi wochedwa yemwe. Munthu wochenjera salipira tsiku loyamba. Amalipira pamene nthawi yochotsera ikukatha, chifukwa kufulumira kuposa apo sikumuonjezera kanthu.

Tsopano masiku 20 amalowa ka 18.25 m'chaka cha masiku 365. Tikachulukitsa 2.04 peresenti ndi 18.25 tikupeza pafupifupi 37.2 peresenti pachaka. Njira yake yonse ndi iyi, pomwe d ndi peresenti yochotsera, N ndi tsiku lolipira zonse, ndipo n ndi tsiku lomaliza kuchotsera:

```
d / (100 - d) x 365 / (N - n) x 100
2 / 98 x 365 / 20 x 100 = 37.2
```

Akatswiri ena amawerengera ngati kuti phindu lililonse likubwezeredwa mu mgwirizano womwewo chaka chonse, chiwongoladzanja n'kumaberekanso chinzake, ndipo amapeza 44.6 peresenti. Nambala imeneyi ndi yolondola, koma imafuna kuti mwayiwo uzibwera mosadukiza, wina ukatha wina n'kuyamba. Poyerekeza ndi ngongole ya masiku ochepa, 37.2 ija ndi yokwanira.

Nambalayi payokha siuza munthu chochita. Funso ndi loti K4,900,000 ichokera kuti, ndipo ikumudyera zingati mayiyu. Ngati ndalamazo zangokhala mu akaunti yomwe sibereka kanthu, ndipo malipiro a antchito ndi lendi ya shopu zili kale pambali, palibe chokambirana. Alipire tsiku la 10. Palibe banki yomwe ingamupatse 37 peresenti pa ndalama yosungitsa masiku 20.

Nkhani imakoma pamene ndalamazo palibe ndipo ayenera kukongola. Mu Febuluwale 2024 Banki Yaikulu ya Reserve inakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti, ndipo mabanki amalonda amaonjezerapo zawo akamakongoza wamalonda wamng'ono. Tiyerekeze kuti banki ya mayiyu imamulola kutapa mopitirira zomwe zili mu akaunti, zija amati ovadilafuti, pa 30 peresenti pachaka. Kukongola K4,900,000 kwa masiku 20 kumudyera K4,900,000 kuchulukitsa 0.30, kuchulukitsanso 20, kugawa ndi 365, zomwe ndi K80,548. Wapulumutsa K100,000, wapereka K80,548 kubanki, watsala ndi K19,452. Phindu lilipo ngakhale kuti ndalamazo si zake.

Koma taonani kuchepa kwake. Ngati ovadilafutiyo sinalipo kale, ndipo banki ikufuna 1 peresenti yokonzera mapepala a ngongole, K49,000 yapita tsiku lomwelo. Zonse pamodzi zafika K129,548, kuposa K100,000 yomwe amathamangira. Ndalama zolipira kamodzi zotere zimapweteka kwambiri pa ngongole yaifupi, chifukwa 1 peresenti pa masiku 20 ndi chimodzimodzi 18 peresenti pachaka. Choncho powerengera mtengo wa ndalama musayang'ane chiwongoladzanja chokha chomwe chalembedwa pakhoma la banki. Phatikizani chilichonse chomwe mutulutse kuti ndalamayo ifike m'manja mwanu, m'makwacha, kenaka muyerekeze ndi makwacha omwe akuchotsereni.

Za banki m'khonde ndi katapila sitingatayepo nthawi. Gulu lokongoza pa 10 peresenti pamwezi lidzafuna K490,000 pa ndalama zimenezi, pafupifupi kasanu kuposa zochotseredwazo.

Chomwe chimasintha yankho koposa zonse, ndipo chomwe anthu ambiri sachiganizira, ndi chiwerengero cha masiku. Papepala palembedwa 30. Nanga zoona zake mayiyu amalipira liti? Ogulitsa ambiri amakhala ndi makasitomala omwe akhala nawo zaka, ndipo akachedwa ndi masabata awiri kapena atatu palibe amene amaimba foni, palibe chindapusa, galimoto imabwerabe ndi katundu. Ngati chizolowezi cha mayiyu ndi kulipira tsiku la 60 popanda vuto, ndiye kuti polipira tsiku la 10 akusiyana ndi ndalama yake kwa masiku 50, osati 20. Masamu aja asanduka 2.04 kuchulukitsa 365 kugawa ndi 50, yomwe ndi 14.9 peresenti basi. Ngongole ya kubanki ya masiku 50 ingamudyere K201,370 kuti apulumutse K100,000. Invoisi ndi yomweyo, peresenti ndi yomweyo, koma pano kukongola kuti alipire msanga ndi kutaya ndalama.

Mungathe kupeza malire ake. Pa ngongole ya 30 peresenti, kuchotsera kwa 2 peresenti kumalipira chiwongoladzanja cha masiku pafupifupi 25. Masiku omwe mukufulumira nawo akachepera 25, kongolani mulipire. Akapitirira, dikirani. Ndinene pano kuti sindikulimbikitsa munthu kuphwanya mgwirizano. Kuchedwa kulipira kuli ndi mtengo wake womwe sulembedwa paliponse: tsiku lomwe simenti kapena shuga wasowa, wogulitsa amayamba wapatsa amene amalipira bwino, ndipo wochedwa amauzidwa kuti katundu watha pamene akuona matumba akukwezedwa mugalimoto ya mnzake. Koma ngati masiku 60 ndi omwe munagwirizanadi kapena omwe wogulitsa amavomera ndi mtima umodzi, werengerani ndi 60, musadzinamize ndi 30.

Kusintha pang'ono kwa peresenti nako kumatembenuza zinthu. Pa masiku omwewo 20, kuchotsera kwa 1 peresenti ndi 18.4 peresenti pachaka, komwe sikungapikisane ndi ngongole ya 30. Kwa 3 peresenti ndi 56.4. Ndiye pokambirana ndi wogulitsa, peresenti imodzi imeneyo ndi yoyenera kuilimbira.

Pali mtengo wina wa ndalama womwe suoneka pa pepala la banki. Ngati mayiyu sangathe kukongola, ndipo K4,900,000 ndi mpamba wake wonse, ndiye kuti kulipira msanga kukumulepheretsa kuoda katundu wina. Malata omwe angathe m'masiku 20 n'kumusiyira phindu la 5 peresenti atachotsa mayendedwe ndi zina zonse angamubweretsere K245,000, kuposa K100,000 kutalitali. Apa aode malata. Chenjezo n'loti ogula akhalepodi. Phindu la malata ndi loyembekezera, akhoza kukhala pashelefu mpaka nyengo yomanga itadutsa, pamene K100,000 ya wogulitsa ndi yotsimikizika. Nambala ziwirizi sizoyenera kupatsidwa ulemu wofanana.

Ngakhale chotsimikizikacho chili ndi potayikira pake. Ndalama ikafika kwa wogulitsa tsiku la 11, akhoza kukana kuchotsera, ndipo mwasiyana ndi ndalama yanu masiku 19 pachabe, chiwongoladzanja cha banki chikuwerengabe. Funsani ngati masiku akuyambira pa tsiku lolembedwa pa invoisi kapena pa tsiku lomwe katundu wafika, komanso ngati chofunika ndi tsiku lotumiza ndalama kapena lomwe yaoneka mu akaunti yawo. Loweruka, Lamlungu ndi maholide zadyetsa anthu ambiri pamenepa. Ndipo musalipire musanatsegule makatoni. Zitini za penti zophwanyika za K150,000 zimafafaniza phindu lonse, ndipo munthu amene walipira kale mawu ake samveka ngati a yemwe ndalama ikadali m'manja.

Kwa amene amaoda kunja, invoisi ili m'madola kapena m'marandi, nkhani ya peresenti ziwiri imachepa mphamvu. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo yemwe anali ndi ngongole ya madola anadzuka ngongoleyo itakula kwambiri m'makwacha. Pamenepo kulipira msanga kumateteza ku zambiri kuposa kuchotserako, bola banki ikhale ndi ndalama zakunja zokugulitsani nthawi yake isanadutse.

Wina angafunse chifukwa chomwe wogulitsa amalolera kupereka 37 peresenti pachaka. Nthawi zina amaopa ngongole zosabwezedwa, ndipo ndalama yolowa lero imamuchotsera ntchito yothamangitsa anthu. Nthawi zina iye mwini ndalama yamuthina ndipo banki yamukana. Wogulitsa yemwe wayamba mwadzidzidzi kulonjeza 5 peresenti kwa olipira msanga ndi wofunika kumuyang'anitsitsa, makamaka akati mulipire katundu asanabwere. Ndipo ngati inuyo ndinu ogulitsa, dziwani kuti polemba mzere uja pa invoisi mukukongola kwa makasitomala anu pa mtengo umenewu, ndipo ena mwa iwo akadalipira msanga ngakhale popanda kuwachotsera.

Invoisi yotsatira ikafika, lembani manambala atatu kuseri kwake: makwacha omwe akuchotsereni, masiku enieni omwe mufulumire nawo, ndi makwacha omwe ndalamayo ikudyereni m'masiku amenewo. Ngati yoyamba ikuposa yachitatu ndipo malipiro a antchito sakhudzidwa, lipirani kutatsala tsiku limodzi kapena awiri kuti nthawi yochotsera ithe.